Sikweya ruti popanda kakyuleta: tiyambe ndi ekala imodzi

"Ndikufuna kudula munda wa ekala imodzi woti mbali zake zonse zinayi zikhale zofanana. Ndikudziwa kuti ekala ndi masikweyamita 4,047 ndipo kuti ndiyenera kupeza sikweya ruti yake. Mwana wanga anangodina pa foni n'kundiuza yankho, koma ine ndikufuna kudziwa mmene limapezekera ndi pensulo ndi pepala. Kodi n'zotheka kwa munthu amene anasiya masamu kalekale?"

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. N'zotheka ndithu. Ngati mumatha kugawa nambala ndi inzake, komanso kupeza pakati pa nambala ziwiri, ndiye kuti zonse zofunika muli nazo kale. Tigwiritse ntchito munda wanu womwewo, chifukwa njira imeneyi imamveka bwino kwambiri munthu akamaona malo m'maganizo mwake.

Tikufuna nambala imene tikaichulukitsa ndi iyo yomwe itipatse 4,047. Tiyambe ndi kungoyerekeza. 60 kuchulukitsa ndi 60 ndi 3,600, zomwe zaperewera. 70 kuchulukitsa ndi 70 ndi 4,900, zomwe zapitirira. Choncho yankho lili pakati pa 60 ndi 70. Titenge 60 ngati poyambira, ngakhale tikudziwa kuti ndi wochepa.

Tsopano dzifunseni funso ili: ngati mulifupi mwa mundawo ndi mamita 60, mulitali mwake muyenera kukhala mamita angati kuti ekala ikwane? Gawani 4,047 ndi 60, mupeza 67.45. Munda wa mamita 60 kwa mamita 67.45 ndi ekala yathunthu, kungoti mbali zake n'zosiyana. Mbali imodzi yafupika, ina yatalika, ndipo imene tikufunayo ili pakati pa ziwirizi. Singakhale kwina, chifukwa mbali zonse zikakhala zosakwana 60 malowo achepa, zikaposa 67.45 malowo akula. Ndiye titenge pakatikati: 60 kuphatikiza 67.45 ndi 127.45, theka lake ndi 63.725.

Njira yonse ndi imeneyi basi: kugawa, kupeza avereji, kenako kubwereza. Pobwereza, musadzivutitse ndi 63.725. Dulani ikhale 63.7 kuti kugawa kuphweke. 4,047 kugawa ndi 63.7 ndi 63.532. Onani mmene mbali ziwirizi zayandikirirana tsopano. Poyamba zinasiyana ndi mamita oposa 7, pano zasiyana ndi masentimita 17 okha. Phatikizani 63.7 ndi 63.532, mupeza 127.232, ndipo theka lake ndi 63.616. Foni ya mwana wanu inakupatsani nambala yoyamba ndi 63.616 yomweyi. Mbali iliyonse ya munda wanu ikhale mamita 63 ndi masentimita 62.

Amene amakonda kulemba mwachidule amailemba motere, pamene N ndi nambala imene mukufuna ruti yake ndipo x ndi nambala imene mwayerekeza: `(x + N/x) / 2`. Zimene mwapezazo zimakhala x watsopano.

Chimene chimandisangalatsa pa njira imeneyi n'chakuti imakuuzani yokha pamene mwafika. Simufunika kudziwiratu yankho kuti muone ngati mwayandikira. Nthawi iliyonse mukagawa mumakhala ndi nambala ziwiri, yoyerekeza ija ndi imene yatuluka pogawa, ndipo yankho lenileni limakhala litatsekeredwa pakati pake. Titapeza 63.7 ndi 63.532 tinadziwa motsimikiza kuti yankho siliposa 63.7 ndipo silichepera 63.532. Avereji yake singaphonye ndi zoposa theka la mpata umenewo, ndipo kwenikweni imaphonya ndi zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Choncho musafunse kuti "ndibwereze kangati?" Yang'anani mpatawo. Ukachepa kufika poti tepi yanu singauonenso, siyani.

Tione chifukwa chake mpatawo umatsekeka msanga chonchi, pakuti apa m'pamene pali mphamvu ya njirayi. Mukadziwa kuti x waphonya ndi zingati, chulukitsani kuphonyako ndi iko komwe, kenako gawani ndi x kuwirikiza kawiri. Zimene mwapezazo ndi mmene avereji yatsopano iphonyere. 60 wathu uja anaphonya ndi pafupifupi 3.6. Nambala imeneyi kuichulukitsa ndi iyo yomwe ndi pafupifupi 13, ndipo 13 kugawa ndi 120 ndi 0.11. N'zoonadi, 63.725 anaposa yankho ndi 0.11. Ulendo wachiwiri tinayamba ndi 63.7, amene anaphonya ndi 0.084. Nambala yochepera 1 ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imacheperachepera: 0.084 amasanduka 0.007, ndipo tikagawa ndi 127 timatsala ndi kuphonya kosakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. N'chifukwa chake mukayandikira, kubwereza kamodzi kumawirikiza pafupifupi kawiri chiwerengero cha manambala olondola a m'yankho lanu. Muonenso kuti nambala yochulukitsidwa ndi iyo yomwe sikhala yochepera ziro. Izi zikutanthauza kuti avereji nthawi zonse imagwera pamwamba pang'ono pa yankho lenileni, kaya munayambira pansi kapena pamwamba.

Mfundo yomalizayi ndi yothandiza pogwira zolakwa. Mukapeza avereji yoyamba, ma avereji otsatira ayenera kumatsika, osati kukwera. Mukaona kuti wachitatu waposa wachiwiri ndi zambiri ndithu, zoposa zimene munadula pofupikitsa nambala, penapake pasokonekera. Kawirikawiri vuto limakhala lakuti munthu waiwala nambala yogawidwa. Imene timagawa ndi 4,047 nthawi zonse, sisintha. Ena akafika ulendo wachiwiri amagawa 67.45 kapena 63.725, ndipo manambala amagwa mwadzidzidzi kufika cha ku 30. Mukaona yankho latuluka kunja kwa mpanda umene munaupeza kale, wa 60 ndi 67.45, bwererani.

Kulakwitsa kwa mtundu wina, monga kuphonya nambala imodzi pogawa, sikoopsa ngati mubwerezanso. Mukanalemba 67.15 m'malo mwa 67.45, avereji ikanakhala 63.575. Imeneyinso ndi nambala yoyerekeza yabwino ndithu, ndipo ulendo wotsatira ukanakufikitsani pa 63.616 yemweyo. N'chifukwa chake ndinakuuzani kuti mudule 63.725 mopanda mantha. Kugawa komaliza kokha ndiko kofunika kukuchita mosamala, popeza palibe ulendo wina wodzakukonzerani. Mukamaliza yesani yankho: 63.62 kuchulukitsa ndi 63.62 ndi 4,047.5, kusiyana kwa theka la sikweyamita pa ekala yonse.

Pamene njirayi imatopetsa ndi pamene munthu wayambira kutali. Tinene kuti mwayamba ndi 1. Avereji yoyamba ikhala 2,024, kenako 1,013, kenako pafupifupi 508, 258, 137, 83, 66, ndipo pa ulendo wachisanu ndi chitatu m'pamene mufika pa 63.66. Mufikadi, koma maulendo oyambirirawo amangodula nambala pakati, liwiro lija silinayambe. Ndiye nthawi imene mumathera posankha poyambira siipita pachabe. Gawani manambala awiriawiri kuyambira kumanja: 4,047 akhala 40 ndi 47. Magulu awiri akutanthauza kuti yankho lili ndi manambala awiri kadontho kasanafike. Gulu loyamba, 40, lili pakati pa 36, yemwe ndi 6 kuchulukitsa ndi 6, ndi 49, yemwe ndi 7 kuchulukitsa ndi 7, choncho nambala yoyamba ya yankho ndi 6. Mukanakhala kuti mumakumbukira kuti 64 kuchulukitsa ndi 64 ndi 4,096, mukanayamba ndi 64. Kugawa kukanapereka 63.234, avereji 63.617, ndipo ulendo umodzi wokhawo mukanaphonya ndi milimita imodzi.

Pa nambala zochepera 1, magulu aja ayambire pa kadontho kupita kumanja. Ambiri amaganiza kuti ruti ya 0.4 ndi 0.2, koma 0.2 kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 0.04. Lembani 0.40, gulu lake ndi 40, ndiye yambani ndi 0.6. Kugawa kupereka 0.667, avereji 0.633. Musadabwe kuti ruti yaposa nambala imene munayamba nayo, ndi mmene zimakhalira kwa nambala zosakwana 1.

Njirayi ndi yakale. Heroni wa ku Alekizandiriya, ku Igupto, anaifotokoza zaka pafupifupi 2,000 zapitazo pofuna ruti ya 720. Anayamba ndi 27 chifukwa 27 kuchulukitsa ndi 27 ndi 729. Atagawa 720 ndi 27 anapeza 26⅔, ndipo pakati pa ziwirizi ndi 26⅚. Nambala imeneyi kuichulukitsa ndi iyo yomwe imaposa 720 ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 36. Muone kuti nayenso yankho lake linagwera pamwamba. Ambiri amaitcha njira ya Ababulo chifukwa cha kaphale kadothi kotchedwa YBC 7289, kamene kali ku Yunivesite ya Yale ku Amereka. Kanalembedwa cha pakati pa 1800 ndi 1600 Khristu asanabadwe, ndipo pali chithunzi cha sikweya ndi mizere yodutsa pakati kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya inzake. Ruti ya 2 imene ili pamenepo, tikailemba monga timalembera lero, ndi 1.41421296, pamene yeniyeni ndi 1.41421356. Kaphaleko kali ndi yankho lokha, sikasonyeza mmene wolembayo analipezera, choncho ine ndimakonda kuitcha njira ya Heroni.

Tibwerere kumunda, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene zingakuwonongereni ntchito ngakhale masamu ali bwino. Mwina munamvapo anthu akunena kuti ekala ndi 70 kwa 70. Zimenezo n'za mayadi. Ekala ndi masikweyayadi 4,840, ndipo mukayamba ndi 70, kugawa kupereka 69.14, avereji 69.57. Munthu akatenga 70 ameneyo n'kuyeza ndi tepi ya mamita, adula masikweyamita 4,900, omwe aposa ekala ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Pogula mbewu ndi feteleza, kapena pogulitsa malo, kusiyana kumeneko si kochepa.

Chachiwiri, mbali zinayi zofanana sizikwanira. Munda ukhoza kukhala ndi mamita 63.62 mbali zonse koma uli wopendekeka, ndipo wopendekekayo sukwana ekala. Mukakhoma zikhomo zinayi, yezani kuchokera pa ngodya imodzi kudutsa pakati kufika pa ngodya yoyang'anizana nayo. Utali umenewo uyenera kukhala ruti ya 4,047 kuwirikiza kawiri, kutanthauza ruti ya 8,094. Magulu ake ndi 80 ndi 94, ndipo 90 kuchulukitsa ndi 90 ndi 8,100, pafupi zedi. 8,094 kugawa ndi 90 ndi 89.933, avereji ndi 89.967. Mizere yonse iwiri yodutsa pakati ikhale mamita 89 ndi masentimita 97. Wina ukatalika kuposa unzake, sunthani zikhomo ziwiri za mbali imodzi pamodzi, molowera kofanana, mpaka mizereyo ifanane, kenako yezaninso mbali zonse zinayi.