Saladi wa K45 ndi wa K52: wotchipa ndi uti?

"Ndimakazinga vitumbuwa ku Chawama. Ku msika wa Soweto kuno ku Lusaka ndapeza saladi wa malita 2 pa K110, wina wa malita 2.5 pa K130. Mlamu wanga wa ku Petauke akuti azinditumizira mafuta a mpendadzuwa ofinya kumudzi, malita 5 pa K225. Nanga ndizigula ati?" Mayi wa ku Chawama

Amayi, tiyambe ndi zigubu ziwiri za ku Sowetozo, chifukwa nkhani yake ndi yachidule. Gawani mtengo ndi malita. Cha K110 chikutuluka K55 pa lita, cha K130 chikutuluka K52. Chooneka chodula ndiye chotchipa. Zigubu ziwirizi zikaima pamodzi pa shelefu zimaoneka ngati zofanana msinkhu, choncho diso lisapite pa kukula kwa chigubu koma pa nambala ya malita yolembedwa m'munsi mwa lebulo.

Musanapereke ndalama, tembenuzani chigubucho muwerenge pamene alemba zimene zili m'katimo. Kutsogolo ambiri amangoti mafuta a zomera, mwina n'kujambulapo duwa lokongola, koma kumbuyo ndi kumene mungaone ngati ndi a soya, a mpendadzuwa, a kanjedza amene amawatcha paamu olini, kapena osakaniza. Kwa inu wokazinga tsiku lonse, kusiyanaku ndi ndalama. Mafuta a kanjedza amapirira moto wobwerezabwereza kuposa a soya, amene amafulumira kuda ndi kusiya utomoni m'mbali mwa chiwaya. Mu Juni ndi Julayi, kukazizira kuno ku Lusaka, a kanjedza amachita mbuu kapena kugwirana pansi pa chigubu. Sanaonongeke ayi, aikeni padzuwa pang'ono, ayeranso. Mawu oti mulibe kolesitero asakuonjezetseni ngakhale ngwee imodzi, pakuti ndi mmene alili mafuta onse a zomera. Choyenera kufufuza ndi tsiku lothera ntchito, dzina la kampani ndi kumene ili, komanso ngati chivindikiro sichinatsegulidwepo.

Tsopano a mlamu anu. Awo akutuluka K45 pa lita, ndipo ndikudziwa kuti mtima wapita kale kumeneko.

Mafuta a kufakitale amene pa lebulo amati rifaindi amakhala atachotsedwa utomoni ndi asidi, atayeretsedwa mtundu ndi dothi lapadera, kenako n'kupitsidwa nthunzi yotentha kwambiri kuti fungo lichoke. Ofinya kumudzi sadutsa m'njira zimenezi: amafinya njere, kusefa, n'kuthira m'chigubu. N'chifukwa chake ali ndi kafungo kabwino ka mpendadzuwa, ndipo mu repu kapena mu nyemba ine ndimawakonda kuposa ena onse. Koma zotsalira zomwezo zimene zimawakometsa ndi zimene zimapsa msanga m'chiwaya. Mudzaona thovu likukwera mukangoponya mtanda, utsi n'kuyamba mafuta asanatenthe mokwanira. Mukatero mumachepetsa makala, ndipo chitumbuwa chokazingidwa pa moto wofooka chimamwa mafuta ngati siponji. Kasitomala akachigwira m'kapepala, kapepalako kamanyowa konse, ndipo ndalama yanu ndi imene yapita m'kapepalamo.

Ndiye muyeso wanu usakhale lita yogula koma malita amene mumatha pa mlungu. Tiyerekeze kuti wa K52 mumatha malita 10 pa mlungu, ndiye K520. Ndalama yomweyo pa K45 imagula malita 11 ndi theka. Ngati a ku Petauke akukutherani malita 11, mwalipira K495 ndipo mwapulumutsa K25. Akakutherani 13 chifukwa chomwedwa ndi kutayidwa msanga, mwalipira K585, mwaluza K65. Apa sitinawerengere n'komwe ya basi yobweretsa chigubu kuchokera ku Petauke, imene iyenera kulowa mu mtengo wa litawo.

Manambala enieni atuluka pa mbaula yanu. Pemphani mlamu atumize chigubu chimodzi chokha. Mlungu uno kazingani ndi wa ku Soweto, mlungu wamawa ndi wa kumudzi, ufa wofanana, chiwaya chomwecho, ndipo muzilemba m'kabuku mafuta alionse amene mwathira ndi tsiku limene mwataya akale. Nthawi yotaya mudzaidziwa: mafuta akada, akayamba kunanda ngati uchi, thovu losatha ndi fungo lokanda pakhosi. Madzulo alionse muziwasefa ndi kansalu koyera, chifukwa tinyenyeswa ta ufa totsalira ndi timene timawadetsa msanga.

Mukandifunsa ine lero, mayeso asanachitike, ndinganene kuti gulani cha malita 2.5 chokazingira, ndipo cha a mlamu chikhale cha ndiwo kunyumba, mochisunga pamthunzi ndi chotseka bwino. Mukadzapitanso ku Soweto, funsaninso mtengo wa malita 20 muugawe ndi 20. Ukatsika pansi pa K52 ndipo mpamba ukulola, tengani chimenecho, bola chikhale chomata cha kufakitale, osati chothiridwanso pamsika.