Ntchito zitatu za mawa zilembedwe musanaweruke

Funso: "Ndimalemba ntchito zitatu za mawa ndisanaweruke, koma kukacha sindizigwira. Ndikulakwitsa pati?"

Ndikuganiza kuti vuto lili pa kalembedwe, achimwene. Ine ndimagwira ntchito ya maakaunti, ndipo poyamba ndinkangolemba kuti "malipoti a mwezi". Imeneyo si ntchito, ndi mutu chabe. M'mawa ndikauona ndinkasowa poyambira, basi n'kutsegula maimelo mpaka 10 koloko.

Masiku ano ndimalemba chochita chenicheni komanso pomwe ndalekezera. Mwachitsanzo: "Kufananitsa sitetimenti ya kubanki ndi buku la ndalama, kuyambira pa 16, malisiti ali mu fayilo yobiriwira." Ndikafika sindiganizanso, ndimangokoka fayiloyo. Ndimalemba mphindi 15 nthawi yoweruka isanakwane, mutu ukadakumbukira zonse. Mukadikira 5 koloko yeniyeni, maganizo amakhala ali kale pa minibasi.

Chinanso, werengani maola. Pa maola 8 a ntchito, misonkhano, mafoni ndi abwana amadya pafupifupi theka, choncho zitatuzo pamodzi zisapitirire maola 4. Ikakula imodzi, iduleni. Yoyamba ikhale yosadalira munthu wina, chifukwa ntchito yofuna siginecha ya abwana ikhoza kukuimitsani mpaka masana.

Ntchito ikabwereranso papepala masiku atatu otsatizana, musaikoperenso. Mwina ndi yaikulu, mwina mukuiopa, mwinanso si yanu n'komwe.

Pepalalo ndimalisiya pamwamba pa kiyibodi, osati mufoni. Magetsi akazima limawerengekabe.