Thovu lopopera kapena mabolodi: chiti choikidwa pa nyumba yamalata ku Moatize?

"Nyumba yanga ili ku Moatize, ndi ya mamita 8 kwa 10, yamalata yopanda siling'i. Mwezi wa Okutobala sitigona ndi kutentha. Munthu wina akuti andipopere thovu kunsi kwa malata, wina akuti ndigule mabolodi a esiferoviti, pulasitiki woyera wopepuka uja amatchingira katundu m'makatoni. Chotsika mtengo nchiti, nanga popopera ana akhale kuti?"

Achimwene, ine ndikanatenga mabolodi, ndipo chifukwa chachikulu ndi dzuwa lomwelo limene likukusowetsani tulo.

Tiyambe ndi masamu. Denga lotsetsereka pa nyumba ngati yanuyo limafika masikweyamita pafupifupi 90. Mukapopera thovu lolimba lija lochindikala masentimita 5, ndiye makyubikimita 4.5, omwe ndi mankhwala okwana makilogalamu pafupifupi 160, osawerengera omwazika. Pa izi onjezani ulendo wa makina, jenereta ndi amisiri, zomwe mumalipira chimodzimodzi kaya denga ndi laling'ono. Nchifukwa chake thovu limapindulira mwini nyumba yaikulu yosungiramo katundu koma limapweteka thumba la munthu wa zipinda zitatu. Mabolodi amagona pa siling'i, pamene ndi masikweyamita 80 okha. Bolodi la mamita 1.2 kwa 2.4 limaphimba masikweyamita 2.88, choncho mufunika 28, tinene 31 poganizira zodula. Koma esiferoviti ndi wofookerapo potchinga kutentha: kuti afanane ndi thovu la masentimita 5, pamafunika wa masentimita 7 kapena 8. Pofunsa mitengo, aliyense akuuzeni mametikali pa sikweyamita imodzi komanso kuchindikala kwake, apo ayi mudzayerekeza zinthu zosiyana. Mtengo wa siling'i muuwerengere pa njira zonse ziwiri, chifukwa thovu ndi esiferoviti zonse zimayaka moto, siziyenera kukhala poyera.

Tsopano nkhani ya kuuma. Thovu silibwera lopangidwa kale ngati bolodi. Limapangidwira padenga panu pomwepo, kuchokera ku migolo iwiri ya mankhwala, wa aisosayaneti ndi wa poliyolo, yomwe makina amasakaniza muyezo wofanana. Zikakumana zimatentha, kufufuma, ndipo pakangopita masekondi angapo pamwamba pamauma. Kuumako kusakunamizeni, mkati ntchito imakhala ikupitirirabe. Mankhwala ambiri safuna malo opoperapo otentha kupitirira madigiri pafupifupi 50, pomwe lata la ku Moatize masana a Okutobala simungaligwire ndi dzanja. Pa lata lotero thovu limafufuma msanga lisanagwire bwino, kenako limakanganuka. Mukati mulawirire m'mamawa, nako kuli mame nthawi zina, ndipo chinyezi chikakumana ndi aisosayaneti chimatulutsa mpweya umene umasiya matuza. Fumbi la malasha lija, dzimbiri, ngakhale mafuta a pa malata atsopano, zonsezi zimalepheretsa kumata. Migolo nayo ikakhalitsa padzuwa kapena kupitirira miyezi isanu ndi umodzi imayamba kuwonongeka.

Mmisiri wodziwa amayamba wapopera pa kabolodi, nkudula kuti muone mkati. Thovu labwino limakhala ndi timabowo ting'onoting'ono tofanana. Likamafumbutuka ngati bisiketi, aisosayaneti wachuluka. Likakhala lofewa, lonanda, lonunkha ngati nsomba, poliyolo ndiye wachuluka, ndipo fungo limenelo silitha ndi kutsegula mawindo. Njira yothetsera vutoli nkupala thovu lonse, ntchito yowawa kwambiri pa malata. Asapoperenso mochindikala kupitirira masentimita 5 ulendo umodzi, chifukwa kutentha kumatsekeredwa mkati mpaka thovu kupserera.

Za ana, musanyengerere. Tsiku lopopera aliyense atuluke, ndi ziweto zomwe, ndipo ufa, ndiwo ndi zofunda zichoke m'nyumba. Nthunzi ya aisosayaneti imatha kuyambitsa mphumu, ndipo thupi likangoyamba kudana nayo, ngakhale pang'ono chabe imautsa chifuwa. Wopopera m'nyumba avale ovolosi yophimba thupi lonse ndi chophimba nkhope cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. Akabwera ndi kamasiki kansalu, mubwezeni pakhomo pomwepo. Fani iikidwe pawindo limodzi ikukokera mpweya kunja, mbali yosaloza kwa aneba, windo la mbali inayo likhale lotsegula kuti mphepo idutse. Ipitirize kuzungulira ntchito itatha. Opanga mankhwala ambiri amati anthu abwerere patatha maola 24, ena mpaka 72, ndiye mupemphe kuona pepala la mankhwalawo. Fungo likadalipo, ana apitirize kugona kwa achibale.

Mabolodi alibe zonsezi: kalipentala wa m'dera lanu amadula ndi mpeni, ndipo usiku womwewo mumagona m'nyumba. Chofooka chawo ndi mipata. Alumikizane mothina, ndipo m'ming'alu muthire thovu la m'chitini. Pakati pa siling'i ndi malata siyani mabowo otchingidwa ndi sefa mbali ziwiri za nyumba kuti mpweya wotentha uzituluka. Chiswe sichidya esiferoviti koma chimaboolamo njira, makoswe nawonso amamangamo zisa, choncho siyani kachitseko pa siling'i kuti muzisuzumira kamodzi pachaka mvula isanayambe.