Mwamwa makapusozi, mimba yatseguka: chachitika n'chiyani?

"Anandizula dzino n'kundipatsa amokisisilini wa masiku 5. Tsiku lachitatu ndayamba kutsegula m'mimba, mwina kanayi patsiku, magazi ayi. Mankhwalawa ndi otha ntchito kapena? Ndigule fulajilo?"

Achemwali, fulajiloyo musagule kaye. Mankhwala anuwo mwina ndi abwinobwino, vuto ndiloti antibayotiki sasankha, akamapha mabakiteriya a pa usininipo amaphanso ena abwino amene amakhala m'matumbo akulu, ndipotu alimo ambiri zedi.

Abwinowa ali ndi ntchito. Zotsalira za nsima, nyemba, masamba, zimene matumbo aang'ono alephera kugaya, iwowa ndi amene amazimaliza, n'kupanga timaasidi tina tothandiza matumbo kuyamwa madzi ndi mchere. Ndiye akachepa zotsalira zija zimangokhala osagayika, zimakoka madzi m'malo moti madziwo abwerere m'thupi, basi chimbudzi chamadzimadzi, mimba kulira, mpweya. Kwa ambiri zimatha zokha pakadutsa masiku ochepa mutamaliza mankhwala. Kuthirapo fulajilo kapena bakitilimu wapagolosale ndiye kupululanso otsala aja.

Mmene mwafotokozeramu, kanayi patsiku, opanda magazi, ngati thupi silikutentha ndipo mukudya bwino, pitirizani kumwa monga anakuuzirani koma adziwitseni amene anakulemberaniwo, nthawi zina amasintha mtundu. Chachikulu ndi madzi. Paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, muzimwa kapu mukangochoka kuchimbudzi. Ikasowa, masipuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi, osasefukira sipuniyo ayi. Phala, mpunga, nthochi idyani ndithu. Zakumwa zotsekemera kwambiri zija siyani kaye, shuga wambiri amakokanso madzi. Chambiko kapena yogati ena amawathandiza, imwani ngati mkaka sukukuvutani, koma ine sindingautche mankhwala.

Pomwe ndimaopa ndi apa. Pali kachilombo kena, pa pepala la ku labu amalemba C. diff, kamene kamapeza malo mabakiteriya abwino aja akafa n'kuchulukana, kenako kamatulutsa poizoni wotupitsa matumbo. Kamakonda okalamba, amene agonekedwa kuchipatala, ndi amene amwa mankhwala ngati kilindamayisini kapena sipulofulokisasini, komabe amokisisilini nayenso angathe. Ndipo kakhoza kuyamba patapita masabata mutamaliza kale mankhwala, n'chifukwa chake anthu saganizako n'komwe za makapusozi aja.

Mukaona magazi kapena zonanda, thupi kutentha, m'mimba kupota kwambiri, mkodzo kuchepa, chizungulire mukaimirira, kapena kutsegulako kukunka kukulirakulira mutamaliza mankhwala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukatchule dzina la mankhwala amene munamwa ndi tsiku lake. Mapilitsi oimitsa kutsegula m'mimba ngati loperamayidi musamwe zikatere, amasunga poizoniyo mkati. M'manja muzisamba ndi sopo ndi madzi, sanitayiza kachilombo kameneka sakapha.