Ngongole ili mbali ziwiri: mawu owerengera balansi shiti

"Aphunzitsi, ndayamba kugula masheya pafoni ndipo pagulu lathu la chipereganyu akufuna ndiziwafotokozera malipoti a makampani m'Chichewa. Pa balansi shiti pali `Assets`, `Liabilities` ndi `Equity`. Ine ndimati katundu, ngongole ndi mpamba, koma ndikafotokoza choncho masamu sakugwirizana. Ndikulakwitsa pati?" Mayi wina wa ku Rosettenville, Joni.

Amayi, mwa mawu anu atatuwo, ngongole mwalasa, katundu mwaphonya pang'ono, koma mpamba ndi amene akukusokonezerani masamu. Tiyambe ndi katunduyo chifukwa sachedwetsa.

Mchewa akamva zoti katundu amaona chinthu chonyamula: matumba, mabokosi, firiji yokulungidwa m'bulangete pa Park Station. Koma pansi pa mutu wa `Assets` pamalowanso ndalama za ku banki, nyumba, ngakhale ndalama zomwe anthu ena sanabweze kukampaniyo. Zimenezi palibe angazisenze pamutu. Ine ndimati chuma cha kampani, ndipo katundu ndimamusiyira malo ake enieni, pa mzere wa `Inventories`, womwe ndi katundu wogulitsa amene ali m'sitolo kapena mosungira. Chenjezo ndi limodzi: kwathu munthu wachuma ndi wolemera, pomwe pano chuma ndi zonse zomwe zili m'manja mwa kampani, kaya inagula ndi ndalama zake kaya zokongola. Kampani ikhoza kukhala ndi chuma chambiri ili pafupi kugwa.

Tsono ngongole. Mawuwa ndi olondola, vuto lake ndi loti m'kamwa mwathu amayenda mbali ziwiri. Wina akati "ndili ndi ngongole kwa a uje", nthawi zambiri timamva kuti iyeyo ndiye ayenera kubweza. Koma tamvaninso mayi wogulitsa usipa ku Yeoville akuti "ndikupita kukatolera ngongole zanga". Iyeyu ngongolezo ndi ndalama zake zomwe zili kwa anthu. Dzina ndi limodzi, koma pa balansi shiti ziwirizi zimakhala mbali zosiyana, ndipo mukazisakaniza basi mwasokera.

Chomwe chimatipulumutsa ndi mneni. Chichewa chili ndi kukongola ndi kukongoza, monga chilili ndi kubwereka ndi kubwereketsa. Zomwe kampani inakongola ndizo `Liabilities`. Zomwe inakongoza, monga katundu amene makasitomala anatenga osalipira, ndi chuma chake, ndipo muzipeza pa mzere wa `Trade receivables`. Choncho pagulu lanu musamangoti ngongole n'kusiyira pomwepo. Muziti "zomwe kampani inakongola" kapena "zomwe kampani inakongoza". (Inde, ndikudziwa kuti wina aseka n'kunena kuti kampani yakongola ngati mkwatibwi. Msiyeni aseke, nkhani yake imasiyanitsa yokha.)

Yesani mneniyu pa banki muone momwe amagwirira ntchito. Ndalama zomwe inu mwasungitsa ku banki ndi chuma chanu, koma pa balansi shiti ya bankiyo zili mbali ya ngongole, chifukwa tsiku lomwe mwazifuna iyenera kukubwezerani. Ndalama zomwe banki yakongoza anthu ogula nyumba ndi magalimoto ndizo chuma chake. Anthu ambiri ongoyamba kumene amadzidzimuka akaona ngongole za banki zikuluzikulu, osadziwa kuti mbali yaikulu ndi ndalama za osungitsa.

Tifike pa mpamba. Mpamba ndi ndalama zoyambira bizinesi, zomwe mwini anatulutsa m'thumba tsiku loyamba. `Equity` si zimenezo zokha. Ndi chotsala mukachotsa ngongole zonse pa chuma chonse, ndiye ine ndimati gawo la eni, kapena chotsalira eni. Mpamba ndi chidutswa chimodzi cha gawolo. Lamulo lake limalembedwa chonchi:

```
Assets = Liabilities + Equity
```

M'chinenero chathu tinganene kuti chilichonse chomwe kampani ili nacho chinachokera kwina: mwina kwa okongoza, mwina kwa eni. Njira yachitatu palibe, n'chifukwa chake mbali ziwirizi zimafanana nthawi zonse.

Kuti zimveke, tisiye kaye makampani akuluakulu a pa JSE, msika wa masheya wa ku Sandton, titenge bizinesi yomwe tonse timaidziwa, ya transipota wonyamula katundu kuchoka kuno ku Joni kupita kumudzi. Manambalawa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti pa 28 Febuluwale, tsiku lotsekera chaka chake cha bizinesi, bamboyu wakhala pansi kuwerengera. Galimoto ndi ngolo yake zalembedwa R180 000. Ku banki kuli R25 000. Ali ndi mabulangete ndi mafuta ophikira ogulitsa a R30 000. Palinso anthu omwe anawanyamulira katundu n'kulonjeza kuti alipira mwezi ukatha, onse pamodzi R45 000. Chuma chonse ndi R280 000.

Mbali inayo, galimoto ija anagula pangongole ndipo kwatsala R120 000 yoti abweze ku banki. Kugolosale yaikulu komwe amapikula anatengako katundu wa R40 000 osalipira. Ndiye pali mzere wachitatu womwe anthu amatsutsana nane nthawi zonse: R20 000 yomwe makasitomala alipiriratu ulendo wa mwezi wamawa. Ndalamazo zalowa kale ku banki, zili m'kati mwa R25 000 ija, ndipo bamboyu amaziona ngati zake. Koma katundu wa anthuwo akadali m'galaja, sanawoloke Beitbridge. Ulendo ukalephereka ayenera kubweza. Mpaka katunduyo atafika, imeneyo ndi ngongole, ngakhale palibe amene anakongola m'njira yomwe timaizolowera. Apa ndi pomwe mawu oti ngongole amachepa pang'ono, ndipo ndimawonjezera kuti "ngongole ndi zina zonse zomwe kampani iyenera kulipira kapena kukwaniritsa". Msonkho womwe sunaperekedwe ndi malipiro a antchito omwe sanalandire zimalowa momwemo.

Ngongole zonse zakwana R180 000. Chotsani pa R280 000, patsala R100 000. Limenelo ndilo gawo la mwini. Tsono ngati bamboyu anayamba ndi mpamba wa R70 000, mukuona pomwe masamu anu amakanira: ngongole R180 000 kuphatikiza mpamba R70 000 zikupereka R250 000, kuperewera R30 000. Yosowayo ndi phindu la zaka zapitazo lomwe sanadye, analisiya m'bizinesi. Pa lipoti amalemba `Retained earnings`, ife tingati phindu losungidwa, ndipo mpamba wa eni masheya umaoneka ngati `Share capital` kapena `Stated capital`. Akanakhala kuti wakhala akuluza, gawo lake likanatsika n'kuchepera mpamba, mwinanso kupitirira ziro kupita pansi, kutanthauza kuti ngongole zaposa chuma.

Koma mawu oti losungidwa ali ndi msampha wake. Wina pagulu lanu afunsa kuti R30 000 yosungidwayo ili kuti, nanga R100 000 ya mwiniyo ili mu akaunti iti. Palibe akaunti yotero. Ku banki kuli R25 000 yokha. Gawo la eni lamwazikana m'matayala a galimoto, m'mabulangete ndi m'matumba a anthu osalipira aja. Ndi nambala yopezeka pochotsera, si mulu wa ndalama.

Nayi njira yomwe ndimayesera ngati munthu wamvetsa. Mawa lake bamboyu akakongole R50 000. Chuma chikwera kufika R330 000, ngongole zikwera kufika R230 000, gawo lake likhala pomwepo pa R100 000. Chuma chakula, mwini sanalemere ndi senti yomwe, ndipo chiwongoladzanja chayamba kumudikira. Ndiye mukamva kampani ikudzitama kuti chuma chake chakwera, yang'anani mbali inayo muone kuti chakwera ndi ndalama za yani.

Pali kugawa kwina komwe simunafunse koma mukumana nako tsamba lomwelo: `Current` ndi `Non-current`. Musamasulire kuti "zatsopano" kapena "zamakono", ndinamvapo wina akutero ndipo anasocheretsa chipinda chonse. Tanthauzo lake ndi nthawi. Kawirikawiri zoyambazo ndi za m'kati mwa miyezi 12 ikubwerayi, zinazo ndi za nthawi yaitali. Chuma cha pafupi cha transipota wathu ndi ndalama, mabulangete, mafuta ophikira ndi zomwe anakongoza: R100 000. Ngongole za pafupi ndi R40 000 ya kugolosale, R20 000 ya olipiriratu, komanso gawo la ngongole ya galimoto loyenera kubwezedwa chaka chino, tinene R36 000. Zonse R96 000. Wapulumuka ndi R4 000 yokha.

Ndipo taonani mzere umene wamupulumutsa. Pafupifupi theka la chuma chake cha pafupi ndi R45 000 ya anthu a "ndikupatsani mwezi ukatha". Tonse tikuwadziwa anthu amenewa, ena nambala ya foni anasintha kalekale. Pakapezeka kuti R20 000 sidzabwera, chuma cha pafupi chitsika kufika R80 000 pomwe zoyenera kulipira zikadali R96 000. Okongoza samva zimenezo, ngongole zawo sizichepa. Kutayika konseko kugwera mwini, gawo lake n'kutsika kufika R80 000. N'chifukwa chake ndimakonda mawu oti chotsalira: amanena poyera kuti eni masheya amadya pomaliza. Pa kampani yeniyeni, yerekezani mizere ya chaka chino ndi ya chaka chatha, yomwe imaikidwa moyandikana. Ngati zomwe inakongoza makasitomala zikukula mofulumira kuposa malonda ake, funsani chifukwa chake.

Mukatsegula lipoti la pachaka, mwina simupeza mutu woti balansi shiti. Makampani ambiri a pa JSE, potsata malamulo owerengera chuma a IFRS, amalemba `Statement of financial position`. Ndi chinthu chomwecho. Onani tsiku lomwe lili pamwamba, chifukwa tsambali limanena za tsiku limodzi lokhalo, osati chaka chonse. Onaninso pamutu pa manambala: `R'000` ikutanthauza masauzande, `Rm` mamiliyoni, ndiye 280 pamenepo si R280 ya golosale.

Pomaliza pa funso lanu, gawo la eni musalitchule kuti mtengo wa kampani. Galimoto ija yalembedwa R180 000 potengera mtengo wogulira, kuchotsapo kutha kwake chaka ndi chaka, koma atapita nayo kukagulitsa lero akhoza kupatsidwa yocheperapo kapena yoposerapo. Mtengo wa sheya womwe mukuuona pafoni panu ndi wa pamsika, womwe ogula ndi ogulitsa agwirizana lero, ndipo pa JSE umalembedwa m'masenti, moti 2500 ndi R25. Gawani gawo la eni ndi chiwerengero cha masheya onse, mupeza mtengo wa m'mabuku wa sheya imodzi. Muuike pambali pa wa pafoniwo, ndipo pagulu lanu muzinena momveka kuti uwu ndi wa m'mabuku, uwu ndi wa pamsika.