Mabuku akusiyana ndi K2.52

"Ndangoyamba ntchito yaukalaliki wa ndalama kuno ku Mzuzu. Potseka mwezi, K2.52 sikuoneka, koma malisiti onse 630 alipo. Ndiyang'ane pati?"

Achimwene, gawani K2.52 ndi 630, mupeza 0.4 tambala pa risiti iliyonse. Wakuba sangabe mofanana chonchi. Ndalamayo yabisala m'maselo a Excel. Nenani kuti risiti iliyonse ndi K41.334: Excel imaonetsa 41.33 koma pophatikiza imawerengabe manambala atatu onse a pambuyo pa kadontho, pomwe pulogalamu yamalisiti inadula kale pa tambala. Dinani selo limodzi muone nambala yonse pamwambapo. Mukakonze ndi `=ROUND(B2,2)` m'selo lapambali pamzere uliwonse, B2 ikhale selo la ndalama ya risitiyo, kenako muphatikizenso maselo atsopanowo. Kuika ROUND pa chiwerengero chomaliza chokha sikuthandiza, kusiyanako kumatsala. Musathamangire kulemba ndalamayo ngati yotayika abwana asanaone.