Akufuna K25,000 ya fomu ndisanayambe ntchito: nditumize?

"Ndalandira uthenga pa WhatsApp woti ndasankhidwa kukhala kalaliki ku bungwe lina la chithandizo ku Lilongwe, malipiro K600,000 pamwezi. Akuti nditumize K25,000 ya fomu ndi ya kuchipatala lisanafike Lachisanu, komanso chithunzi cha chiphaso changa cha unzika ndi cha khadi ya kubanki. Ndakhala pakhomo zaka ziwiri chimalizireni sukulu. Nditumize?"

Musatumize, achemwali. Wolemba anthu ntchito ndiye amalipira, wolembedwa salipira. Nawonso makampani ofunira anthu ntchito amayenera kulandira ndalama zawo kwa bwana amene akufuna wantchitoyo. Pangano nambala 181 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, la mu 1997, limanena kuti makampani otere asamalipiritse ofuna ntchito, ndipo United Nations imalengeza yokha kuti silipiritsa kalikonse polemba anthu. Zilipo zolipira zenizeni, monga kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, kapena kukayezetsa kuchipatala. Koma zimenezo mumakalipira nokha kupolisiko kapena kuchipatalako, n'kulandira lisiti. Sizidzera pa foni ya munthu.

Funso loyamba n'lakuti, kodi ntchitoyo munaifunsira? Ntchito yeniyeni ili ndi njira yake: imalengezedwa, mwina mu The Nation kapena The Daily Times kapena pa tsamba la bungwelo, mumatumiza kalata ndi mapepala a sukulu, amakuitanani ku intavyu, kenako kalata ya mgwirizano. Uthenga wanu walumpha zonsezi n'kufikira pa ndalama. Lachisanu aikalo ndi lokuthamangitsani kuti musapeze mpata wofunsa munthu wina. Ndipo K25,000 aisankha dala, chifukwa munthu wosowa angathe kuikongola kwa mnansi. Mukaitumiza, kumabwera ya yunifolomu, kenako ya maphunziro, ndipo inu mumapitiriza poopa kutaya yoyambayo. Tsiku lomwe mudzati ndalama zatha, nambala ija sidzapezekanso.

Za khadi ya kubanki ndi zimene zandiopsa koposa. Bwana weniweni amafuna dzina la banki, nthambi ndi nambala ya akaunti basi, ndipo amazifunsa mutasaina kale mgwirizano kuti azikulipirani. Chithunzi cha khadi ndi nkhani ina. Pamakhala manambala 16, mwezi ndi chaka chothera ntchito, ndi manambala atatu a kumbuyo, zomwe zikwanira kugulira katundu pa intaneti. Chotsala ndi OTP, manambala amene banki imakutumizirani pa foni. N'chifukwa chake posakhalitsa amaimba mwaulemu kuti, "Mayi, tatumiza kodi yotsimikizira dzina lanu, tatiwerengereni." Mukawerenga, mwavomereza nokha kuti ndalama zichoke. OTP ndi PIN sizipatsidwa kwa aliyense, ngakhale wonena kuti ndi wa kubanki. Chiphaso cha unzika nachonso sachimwaza: akhoza kuyesa kulembetsera nacho simu n'kumabera ena m'dzina lanu.

Ena amati oberedwawo ndi opusa. Ine ndikukana. Akubawo amatenga chizindikiro chenicheni cha bungwe, nthawi zina ndi dzina lenileni la wantchito wa kumeneko, ndipo amasaka munthu amene ulova wamutopetsa. Si onse amene amathera pa ndalama. Amayi a kuno kwathu analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman, koma atafika analandidwa mapasipoti n'kumagwira ntchito za m'nyumba ngati akapolo, nkhani imene BBC inaulutsa mu 2024. Kumeneko chinyengo chake n'chotembenuza: ejenti amalipira yekha tikiti, ngongoleyo n'kusanduka unyolo. Choncho kusapempha ndalama pakokha si umboni woti ntchito ndi yeniyeni.

Zoti muchite lero

Pezani nokha nambala ya bungwelo pa tsamba lake, osati imene ili mu uthengawo, muimbe n'kufunsa a ofesi yolemba anthu ngati malo a kalaliki alipodi. Ngati muli pafupi, pitani pa geti. Akakutumizirani imelo, yang'anani mawu otsatira chizindikiro cha @. A UNICEF, mwachitsanzo, amathera pa unicef.org, osati gmail.com, ndipo chilembo chimodzi chosinthika n'chokwana kukana. Onaninso kumene akuti ndalama ipite: ikakhala nambala wamba ya Airtel Money kapena Mpamba yolembetsedwa m'dzina la munthu, bungwe silikudziwako kanthu.

Ngati chithunzi cha khadi chapita kale, imbirani banki pompano aitseke. Ngati ndalama yapita, dziwitsani Airtel kapena TNM msanga isanatapidwe, sungani uthenga wokhala ndi nambala ya malipirowo, jambulani zokambirana zonse, mukapereke kupolisi. Pa ntchito ya kunja, kafunseni kaye ku ofesi ya zantchito m'boma lanu ngati ejentiyo akudziwika, musanapereke pasipoti.